Chidule cha lipoti la katswiri pa mlandu wa mbewu ya kachewere ya kalabu yathu ku Bembeke

Kwa a Tcheyamani, akomiti ndi mamembala onse 24 a kalabu,

A loya athu andipempha kuti ndilembe m'Chichewa zomwe zili m'lipoti la katswiri wa matenda a mbewu, lomwe laperekedwa ku Bwalo Lalikulu la milandu ku Lilongwe pa mlandu womwe kalabu ikusumira munthu amene anatigulitsa mbewu ya kachewere mu Novembala 2023. Lipotili lili ndi masamba 31 a Chingerezi, ndipo ine monga mlembi ndaliwerenga lonse kawiri, kachiwiriko ndili pamodzi ndi a loya. Chidulechi sichilowa m'malo mwa lipoti lenileni, ndipo pomwe ndaikapo maganizo anga ndanena poyera kuti ndi anga. Katswiriyu analipidwa ndi kalabu, koma pa tsamba loyamba walemba ndi kusayinira kuti udindo wake ndi wothandiza bwalo kupeza choona, osati kuimira mbali yomwe yamulipira, choncho musadabwe kupezamo mfundo zina zosatikomera.

Mafunso omwe anapatsidwa anali atatu: matenda omwe anafotetsa kachewere wathu ndi ati, kodi anabwera ndi mbewu kapena anali kale m'nthaka, ndiponso zokolola zomwe tinataya chifukwa cha matendawo ndi zochuluka bwanji.

Zomwe anangozilandira osazitsimikizira yekha

Pali zinthu zomwe katswiri sanazione ndi maso ake koma anazitenga ngati zoona kuti ntchito iyambike, ndipo wachenjeza kuti chimodzi mwa izo chikagwa pa bwalo, zina mwa zomwe wapeza zidzagwa nacho. Watenga kuti matumba 180 a makilogalamu 50 olembedwa pa lisiti ndi omwewo anagawidwa kwa mamembala ndi kubzalidwa pa mahekitala 4.5 mu Disembala 2023, popanda wina kusakanizamo mbewu yake yosunga. Watenganso kuti matumba atatu omwe anawapeza m'nyumba yosungiramo katundu ya kalabu ndi otsala a katundu yemweyo. Matumbawa analibe chikalata chosokerera cha wogulitsa, kotero chomwe chikuwalumikiza ndi lisiti ndi buku la msungichuma lokha. Mbiri ya munda uliwonse, kunena zomwe zinalimidwamo zaka zinayi zapitazo, anaimva kwa eni minda pakamwa, ndipo ndi minda isanu yokha yomwe alangizi a m'dera lathu anaichitira umboni kuchokera m'kaundula wawo. Pomaliza watenga kuti, popanda matenda ndi ng'amba, minda yathu ikanatulutsa matani 15 pa hekitala, nambala yomwe waichotsa m'mabuku a zogulitsa a kalabu a zaka zitatu zam'mbuyo.

Mmene anagwirira ntchito

Anayendera minda kwa masiku atatu pakati pa mwezi wa Malichi 2024, ndipo anafika m'minda 17 mwa 24, chifukwa isanu ndi iwiri eni ake anali atazula kale n'kubzalamo nyemba. M'munda uliwonse anasankha malo asanu, anayi cha m'makona ndi amodzi pakati, n'kuwerenga mbewu 20 motsata mzere pa malo alionse, kuti zikwane 100, uku akulemba zofota ndi zamoyo komanso kujambula pomwe zofotazo zili.

Ambiri a inu munaona zomwe anachita m'munda wa pafupi ndi mjigo. Anadula tsinde la mbewu yofota cha m'munsi, n'kulilendewetsa m'tambula ya madzi oyera, ndipo pasanathe mphindi zochepa tinaona ulusi woyera ngati mkaka ukutsika pang'onopang'ono kuchokera podulapo. Kenako anakumba kachewere wa pa phando lomwelo, yemwe dothi linali litamatirira m'maso mwake, n'kumudula pakati, ndipo mkati munali mzere wofiirira wozungulira womwe atafinya unatuluka timadontho tonga mafinya. Lipoti likufotokoza kuti ulusi woterewu ndi chizindikiro cha bakiteriya, ndipo suoneka pa mbewu yomwe yafota ndi dzuwa kapena yomwe yagwidwa ndi chiwawu, matenda amene amayamba ndi mawanga akuda pa masamba. Kuyesaku anakuchita m'minda yonse 17.

M'matumba atatu otsala aja anatengamo kachewere 200, pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, n'kumugawa m'magulu asanu ndi atatu a 25, ndipo anamutumiza ku labotale komwe anamuyeza ndi njira yotchedwa ELISA. Kuti pakhale poyerekeza, anawerenganso mbewu m'minda inayi ya anansi athu omwe si mamembala, omwe anabzala mbewu yochokera kwina m'sabata yomweyo.

Zomwe wapeza

Pa funso loyamba alibe chikayiko. Matendawa ndi ofotetsa omwe amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum, amene amatseka misempha yodutsa madzi mu tsinde, n'chifukwa chake mbewu imafota masamba akadali obiriwira ngakhale nthaka ili yonyowa. Bakiteriyayu amakhala m'nthaka, amayenda ndi madzi othamanga komanso ndi dothi la pa khasu, ndipo amagwiranso tomato, fodya, mabiringanya ndi tsabola. Mfundo yomwe wakhalapo nthawi yaitali ndi yakuti kumalo ozizira a m'mapiri bakiteriyayu amatha kubisala m'kati mwa kachewere wooneka bwinobwino, osatulutsa chizindikiro chilichonse mpaka atabzalidwa ndipo kwatentha.

Pa funso lachiwiri wagawa minda pawiri, ndipo pano ndikupempha kuti muwerenge modekha. M'minda 11, ya mahekitala 2.1, yomwe eni ake anati sinalimidwemo kachewere, tomato kapena fodya kwa zaka zinayi, mbewu zofota zinali pakati pa 30 ndi 45 mwa 100, ndipo zinali zomwazikana munda wonse, apa imodzi, apo ziwiri, kumtunda ndi kumunsi chimodzimodzi. Katswiri akuti matenda ochokera m'nthaka kawirikawiri amaoneka m'zigawo ndipo amatsata komwe madzi amalowera, pamene kumwazikana kotereku kumagwirizana ndi mbewu yomwe inabwera ili ndi matenda kale. Akaphatikiza ndi zotsatira za ku labotale, komwe magulu asanu ndi limodzi mwa asanu ndi atatu anapezeka ndi bakiteriyayu, komanso minda ya anansi yomwe zofota sizinafike zisanu mwa 100, akuti n'zachidziwikire kwambiri kuti m'minda 11 imeneyi gwero lalikulu la matenda linali mbewu. Mawu ake akutanthauza kuti mbali ya mbewu ndi yomwe ikulemera pa sikelo, ndipo a loya akuti pa mlandu wofuna chipukuta misozi muyeso umene bwalo limagwiritsa ntchito ndi womwewo.

M'minda isanu ndi umodzi yotsalayo, ya mahekitala 1.1, munalimidwa tomato kapena kachewere m'zaka ziwiri zapitazo. Mmenemo zofota zinafika 70 mwa 100 pena, koma zinaunjikana cha kumunsi kwa munda. Katswiri akuti mbewu inathandizira, koma nthaka nayonso iyenera kuti inali ndi matenda kale, ndipo sangathe kugawa kuti gawo la mbewu ndi ili, la nthaka ndi ili.

Pa funso lachitatu wayamba wachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu pa matani 15 aja chifukwa cha ng'amba ya mu Febuluwale 2024, yomwe inagwera wina aliyense posatengera mbewu yomwe anabzala, n'kutsala matani 12 pa hekitala. Mabuku athu akuonetsa kuti tinakolola pafupifupi matani 5 pa hekitala, choncho kusiyana kwake ndi matani 7. Pa mahekitala 2.1 zikukwana matani 14.7, omwe ndi matumba 294 a makilogalamu 50. M'chisamani chathu tinalemba matumba 900, powerengera minda yonse 24 komanso osachotsera ng'amba. Maganizo anga ndi akuti nambala ya 294 ndi yomwe ili ndi miyendo yoimira pa bwalo, ndipo ndikudziwa kuti izi n'zowawa makamaka kwa amayi ndi abambo omwe anatenga ngongole ya feteleza ndipo minda yawo ili m'gulu lachiwiri kapena mwa isanu ndi iwiri yosayenderedwa ija.

Malire omwe iye mwini wawatchula

Za minda isanu ndi iwiri yomwe anaipeza itazulidwa, ya mahekitala 1.3, wakana kunenapo kanthu. Sanayeze nthaka ya munda uliwonse mbewu isanabzalidwe, ndipo akuti kuyeza panopa sikungathandize, popeza mbewu yodwalayo yasiya kale bakiteriya m'dothi. Matumba atatu aja anakhala m'nyumba ya kalabu miyezi yoposa itatu asanawayeze, m'chipinda chomwe chaka chathachi munasungidwa kachewere wa mamembala, ndipo ngakhale akuona kuti n'zokayikitsa kuti matenda olowera pamenepo angafike m'magulu asanu ndi limodzi, sakutsekeratu khomo limenelo. Wanenanso kuti matumba atatu ndi ochepa poimira 180, komanso kuti kuyeza m'magulu kumangouza kuti m'gulumo muli wodwala, osati kuti odwalawo ndi angati. Zokolola zathu zambiri zinagulitsidwa pa ndowa ndi m'matumba osokerera pamwamba osakwezedwa pa sikelo, monga timachitira tonse m'mbali mwa msewu wa M1, choncho akuti nambala ya matumba 294 ikhoza kukwera kapena kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Pali zinthu ziwiri zomwe wanena kuti si za ukatswiri wake. Sanaike mtengo wa ndalama pa matumbawo, ndipo umboni wa mitengo ya nthawi imeneyo uyenera kuchokera kwa ife ndi kwa ogula. Sananenenso ngati wogulitsa ankadziwa kuti mbewuyo ili ndi matenda, ndipo wachita kulemba kuti munthu woyang'ana ndi maso okha sakanatha kuzindikira. Ngati zimenezi zikumasula wogulitsa, kapena ngati lonjezo lake lakuti mbewuyo ndi yoyesedwa likumumangabe, imeneyo ndi nkhani ya malamulo yomwe a loya adzaikambe pamaso pa woweruza.

Loya wa mbali inayo ali ndi ufulu womufunsa katswiriyu mafunso, ndipo a loya athu akuyembekezera kuti adzakanikiza pa matumba atatu aja ndi pa mbiri ya minda. Pachifukwa ichi apempha kuti pa msonkhano wa Loweruka likudzali, 9 koloko m'mawa, a msungichuma abweretse buku lolandirira ndi kugawira katundu mmene lilili, osalembamo kapena kufufutamo kanthu, ndipo eni minda 11 ija abwere okonzeka kunena, chaka ndi chaka kuyambira 2019, chomwe analima m'mundamo. Amene akukumbukira kuti anabzalapo tomato ngakhale mizere iwiri yokha m'mphepete anene Lowerukalo, a loya amve tisanapite ku Lilongwe.

Ine wanu,
Mlembi wa kalabu