Dandaulo la mayunitsi omwe akudulidwa pa nambala yanga popanda chifukwa

Senga Bay, Salima
4 Ogasiti 2025

Kwa Mkulu Woona za Madandaulo a Makasitomala

Bwana,

DANDAULO: KUDULIDWA KWA MAYUNITSI USIKU, KUYAMBIRA PA 8 MPAKA PA 28 JULAYI 2025

Ndikulemba kalatayi kudandaula kuti mayunitsi pa nambala yanga akumachepa usiku foni ili chikhalire, ndipo mpaka lero palibe wa ku kampani yanu amene wandiuza momveka komwe akupita. Nambalayo ndi yothera 417, ndipo ikuoneka yonse pa chithunzi choyamba mwa zithunzi 13 za pa sikirini zomwe ndaphatikiza. Ndinailembetsa ndi chiphaso changa cha unzika mu 2018, pomwe aliyense ankalembetsa simu khadi yake. Palibe wina amaigwiritsa ntchito koma ine.

Ndimagula usipa kwa asodzi kuno kunyanja, n'kuyanika pa thandala, n'kumatumiza ku Lilongwe. Ntchito yanga imayamba kusanache. Ndimayenera kuimbira eni maboti kuti ndimve ngati aphako, kenako woyendetsa galimoto, kenako wondilandirira katundu ku tauni. N'chifukwa chake mayunitsi ndimagula madzulo, kuti mbandakucha ndisavutike kusaka ejenti. Kuyambira mu Juni ndinayamba kuona kuti zomwe ndagona nazo si zomwe ndikudzuka nazo. Mwana wanga ndiye anandionetsa kajambulidwe ka sikirini, ndipo ndinayamba kujambula balansi ndikamagona ndi podzuka.

Chithunzi 1 n'cha pa 8 Julayi, nthawi ya 20:14. Nditangothira K2,000, balansi inali K2,035. Chithunzi 2 n'cha m'mawa wa pa 9 Julayi, 05:02, ndipo balansi ndi K1,885. K150 palibe. Chithunzi 3 chikuonetsa mndandanda wa mafoni omwe ndinaimba: pakati pa nthawi ziwirizi sindinaimbire munthu, sindinatumize uthenga, ndipo deta inali yotseka, monga mukuonera pamwamba pa sikirini. Zithunzi 4 ndi 5 n'zofanana ndi zimenezi. Usiku wa pa 10 Julayi panali K1,240, m'mawa wa pa 11 panatsala K1,090.

Ndikupempha kuti zithunzi 6 ndi 7 muziyang'ane mofatsa. Anzanga a pamsika ankati mwina foni ikumalowa yokha pa intaneti ndili m'tulo. Tsono pa 14 Julayi, nditajambula balansi ya K900, ndinazimitsa foni, n'kutulutsa simu khadi, n'kuikulunga m'kapepala ndi kuiika m'chitini chomwe ndimasungiramo masingano. Inagona mmenemo usiku wonse. M'mawa wa pa 15 ndinaibwezera, n'kufunsa balansi ndisanakhudze china chilichonse. Inali K600. Simu khadi yomwe ili m'chitini siingaimbe foni, siingatsegule intaneti, siingavomere uthenga wa malonda. Choncho K300 imeneyi inadulidwa kumbali yanu, osati m'manja mwanga.

Tsiku lomwelo ndinaimba ku nambala yanu yothandizira makasitomala. Mtsikana amene anandiyankha anali waulemu, ndipo sindikumudandaula iyeyo. Anandiuza kuti nambala yanga inalembetsedwa pa ntchito ina yolipira tsiku ndi tsiku. Nditafunsa kuti ntchito yanji, ndinailembetsa liti, ndipo kudzera njira iti, anati zimenezo sizikuoneka pa kompyuta yake, koma waichotsa. Uthenga wotsimikiza kuti yachotsedwa unabweradi, ndipo ndi chithunzi 8. Uthengawo sukutchula dzina la ntchitoyo. Nambala ya dandaulo langa sindinapatsidwe, ngakhale ndinaipempha.

Kudula sikunasiye. Pa 19 Julayi ndinagona ndi K1,500, pa 20 ndinadzuka ndi K1,350 (zithunzi 9 ndi 10). Pa 27 Julayi madzulo ndinathira K1,000, balansi n'kukhala K1,020, koma m'mawa wa pa 28 inali K720 (zithunzi 11 ndi 12). Ndinakwera minibasi kupita ku Salima boma kukaonana ndi antchito anu maso ndi maso, ndipo kumeneko ndinamva yankho lina: akuti mwina ndinakongola mayunitsi ndipo akundidula ngongole. Chithunzi 13 chikuonetsa kuti ndilibe ngongole ya mayunitsi. Ndikudziwanso kuti ngongole yotere imadulidwa nthawi yomwe munthu wathira mayunitsi, osati pakati pa usiku. Za bandulo nazonso ndikuzidziwa, kuti ikatha deta ili yotsegula intaneti imatha kudya mayunitsi. Koma deta yanga inali yotseka, ndipo ndalama yodyedwa ndi intaneti siingamakhale K150 kapena K300 ndendende nthawi zonse. Kudula kofanana chonchi n'kwa chinthu chomwe chili ndi mtengo wake woikika.

Masiku asanu omwe ndili ndi umboni wake, ndalama yonse yodulidwa ndi K1,050. Awa ndi masiku okhawo omwe ndinakumbukira kujambula, poti nthawi zina ndimafika kunyumba nditatopa, n'kungogona. Ngati K150 ikudulidwa tsiku lililonse, pamwezi ndi K4,500. Mwina ku ofesi kwanu ndi ndalama yochepa. Kwa ine si yochepa, makamaka mwezi wa mwera ngati Julayi, pomwe maboti amakhala masiku angapo osalowa m'madzi ndipo usipa wochepa womwe wapezeka timaulimbirana. Pa 28 paja mayunitsi anandithera ndili pakati pokambirana mtengo ndi mwini boti. Pomwe ndimapeza ejenti wotsegula, nsomba zinali zitatengedwa ndi ena, ndipo thandala langa linakhala lopanda kanthu tsiku lonse.

Chomwe chikundipweteka kwambiri n'chakuti ndalama yanga ikutengedwa popanda kundifunsa ndiponso popanda kundiuza. Ndikagula bandulo mumanditumizira uthenga. Ikatsala pang'ono kutha mumanditumiziranso. Nanga bwanji pa kudula uku simunatumizepo uthenga ngakhale umodzi? Ndikudera nkhawanso amayi achikulire omwe ndimayanika nawo usipa, omwe ena sadziwa kuwerenga ndipo mafoni awo ndi a mabatani, osajambula sikirini. Angapo akudandaula zofanana ndi zanga. Sindikuwayankhulira m'kalatayi poti umboni ndili nawo ndi wanga wokha, koma ndikupempha kuti mufufuze ngati vutoli likukhudzanso ena.

Choncho ndikupempha izi. Munditumizire sitetimenti ya nambala yanga kuyambira pa 1 Juni 2025 mpaka lero, yoonetsa ndalama iliyonse yomwe yadulidwa, nthawi yake ndi chifukwa chake. Mundiuze dzina la ntchito yomwe akuti ndinalembetsa, tsiku ndi nthawi yomwe ndinailembetsa, komanso njira yomwe ndinavomerera, kaya ndi uthenga, kaya ndi nambala yodinda. Ngati umboni woti ndinavomera palibe, mundibwezere ndalama zonse zomwe zadulidwa mwa njira imeneyi kuyambira mu Juni, osati K1,050 yokha. Ndipo mutseke nambala yanga kuti isamalowetsedwe pa ntchito iliyonse yolipira popanda ine kupempha ndekha.

Yankho ndikulifuna lolembedwa, lokhala ndi nambala ya dandaulo, pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi. Mutha kunditumizira pa nambala yomweyi kapena kulisiya ku shopu yanu ya ku Salima boma, ndikalitenga. Masikuwa akadutsa popanda yankho, nditengera kalatayi ndi zithunzi zonse ku bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira makampani a mafoni motsatira lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016, komanso ku bungwe la CFTC, loona kuti malonda aziyenda mwachilungamo. Ndikanakonda nkhaniyi ithere pakati pa inu ndi ine, chifukwa nambala iyi ndi yomwe makasitomala anga onse amaidziwa ndipo sindikufuna kuisintha.

Zithunzi zonse zikadali m'foni mwanga ndi masiku ake, ndipo ndine wokonzeka kubwera nayo kuti muzione nokha. Pakadali pano ndipitiriza kujambula balansi usiku ndi m'mawa.

Ine kasitomala wanu,

Mayi Nabanda
Wogulitsa usipa, Senga Bay

Zophatikiza: zithunzi 13 za pa sikirini