Ndikudwala basi anesi

Lolemba m'mawa ku OPD, mzere wafika mpaka pamtengo wa mango. Alowa mayi a zaka 52, kabuku ka chipatala kali mu jumbo.

Nesi: Khalani apa mayi, mpatseni kuno kabukuko. Tikuthandizeni chani lero?

Mayi: Ndikudwala anesi.

Nesi: Pepani. Chikuvuta ndi chani kwenikweni?

Mayi: Kudwala basi, thupi lonseli silili bwino.

Nesi: Chabwino, tiyambe apa. Zayamba liti? Dzulo, sabata yatha?

Mayi: Iii ndi kale. Nthawi yokolola ija ndinali nditayamba kale kumva ulesi.

Nesi: Ndiye kuti miyezi itatu yakwana. Ulesi wake wotani, tandiuzani ntchito imene munkagwira bwinobwino koma pano ikukukanikani.

Mayi: Kumjigo. Ndinkatunga ndowa zisanu osapuma, pano ziwiri zokha miyendo yalobodoka ndikhale kaye pansi. Ine ndimati ndi malungo ndiye ndinagula LA ku golosale, ndamwa kawiri konse koma palibe chasintha.

Nesi: Munayezetsa magazi musanamwe?

Mayi: Ayi.

Nesi: Thupi limatentha? Kumva tsembwe, kunjenjemera usiku?

Mayi: Kutentha ayi, kungofooka.

Nesi: Mwaona, malungo opanda kutentha thupi miyezi itatu yathunthu ndi okayikitsa. Tiyezabe, koma LA wogula musanayezetse musiye. Chifuwa? Thukuta la usiku lonyowetsa zofunda?

Mayi: Palibe.

Nesi: Kusanza, kutsegula m'mimba? Nanga nsima mukudya?

Mayi: Kudya ndiye ndikudya kwambiri mpaka ana amandiseka, mitanda inayi koma pakangopita kanthawi njala yabweranso.

Nesi: Tadikirani ndione m'kabukumu. Chaka chatha mwezi wa Okutobala sikelo inati 71, lero pakhomo paja akulemberani 62. Mukudya kwambiri koma mwatsika ndi makilo 9. Inu munazindikira?

Mayi: Siketi zonse ndikumanga ndi pini. Anthu kumudzi ayamba kunong'ona, mukudziwa kale zimene amanena munthu akaonda.

Nesi: Ndikudziwa. Magazi a HIV munayezetsa liti?

Mayi: Mu Malichi, ndinalibe.

Nesi: Tidzabwerezanso mukalola, koma mtima ukhale pansi, kuonda kuli ndi zifukwa zambiri. Madzi mumamwa bwanji?

Mayi: Eee apo ndiye mwafikapo! Ludzu lake losatha, kukhosi kumangouma gwa, ndimagona ndi chigubu cha malita awiri kumutu ndipo kukamacha chatha.

Nesi: Usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?

Mayi: Kasanu, tsiku lina kasanu ndi kamodzi. Tulo sindikulidziwanso.

Nesi: Mkodzo wake wambiri kapena timadontho? Ukamatuluka umawotcha?

Mayi: Wambiri ndithu, osawotcha. Koma anesi, pali china chochititsa manyazi.

Nesi: Chitseko ndatseka, tili awiri, nenani.

Mayi: Kunjira ya amayi kumayabwa, ndinkati mwina ndi mauka. Komanso pamene ndataya madzi kuseri kwa bafa m'mawa ndimapeza nyerere zaunjikana.

Nesi: Mwachita bwino kunena, zimenezo zandithandiza kuposa zonse. Maso akuona bwino? Kumapazi dzanzi?

Mayi: Kulowetsa ulusi pa singano ndimaitana mdzukulu. Mapazi usiku amachita ngati ndaponda phulusa lamoto.

Nesi: Tavulani patapata ndione. Chilonda ichi pachala chachikulu chakhala nthawi yaitali bwanji?

Mayi: Ndinapunthwa pa chitsa, mwezi watha uwo, sichikupola.

Nesi: Kubanja kwanu alipo wa shuga kapena BP?

Mayi: Achemwali anga aku Dedza amabaya jakisoni tsiku lililonse.

Nesi: Funso lomaliza, masiku awiriwa simunasanze, kupuma mwabefu kapena kumangosinza masana osadzuka bwino?

Mayi: Ayi, izo ayi.

Nesi: Zili bwino. Mwadya chani m'mawa uno?

Mayi: Tiyi ndi mbatata, cha m'ma 6.

Nesi: Bweretsani chala, kabaya pang'ono ngati minga. Eya. Onani apa, shuga wa m'magazi mwanu ali pa 340. Munthu wopanda vuto ngakhale atangodya kumene sizifika 200. Ludzu, kukodza usiku, kuonda, kuyabwa kuja ndi chilondachi zonse zikuloza ku matenda a shuga mayi, si malungo.

Mayi: Mayo ine. Ndiye basi ndafa?

Nesi: Ayi ndithu, achemwali anu aja si ali moyo? Mankhwala alipo ndipo si onse amayambira jakisoni, ambiri amayamba ndi mapilitsi. Ndalemba zonse m'kabukumu, musakaimenso pamzere, ndikuperekezani ndekha kwa adokotala chipinda chachiwiricho, atsimikize ndi kuona chilondacho, kenako tikhale pansi tikambe za tiyi ndi mitanda inayi ija. Mwabwera ndi ndani?

Mayi: Mdzukulu, ali panjapo ndi njinga.

Nesi: Muitaneni alowe, amve nawo. Valani patapata, musaponde pansi ndi chala chimenecho.