Yankho la funso 3: sisitemu ya y(t) = x(2t)

Funso limati tione ngati sisitemu iyi ndi liniya, ngati ndi yosasintha ndi nthawi, komanso ngati ndi kozo, kutanthauza kuti sidalira zimene sizinalowe. Cholowa ndi x, chotuluka ndi y. Ambiri munakhoza gawo loyamba n'kugwa pa lachiwiri, nchifukwa chake ndikhalitsa pamenepo.

Tiyambe ndi uliniya. Tilowetse a·x1(t) + b·x2(t). Ntchito ya sisitemuyi ndi kuika 2t paliponse pamene pali t, basi:

```
a·x1(2t) + b·x2(2t) = a·y1(t) + b·y2(t)
```

Zagwirizana, choncho ndi liniya. Ena mumangoyang'ana ikweshoni n'kunena kuti "ikuoneka liniya". Maso amanama: y(t) = 2x(t) + 3 imajambula mzere wowongoka, koma mukalowetsa ziro imatulutsa 3, pomwe sisitemu ya liniya imayenera kutulutsa ziro.

Tsopano za nthawi. Pali njira ziwiri, ndipo ziyenera kukafika pamodzi. Yoyamba, tichedwetse cholowa ndi T, kenako chidutse m'sisitemu. Yachiwiri, chidutse kaye, kenako tichedwetse chotulukacho.

```
x2(t) = x(t − T)
y2(t) = x2(2t) = x(2t − T)
y(t − T) = x(2(t − T)) = x(2t − 2T)
```

Sizikufanana, choncho sisitemuyi imasintha ndi nthawi. Pamene munalakwa ndi pa mzere wachiwiriwo: munalemba x(2(t − T)), kuchulukitsa T yemwe ndi 2. Sisitemu imakhudza t yekha. T uja ndi nambala imene yakhazikika kale m'kati mwa x2.

Ngati malembowa akukusokonezani, jambulani. Tengani siginolo imene ili 1 kuyambira t = 0 mpaka t = 2, kwina konse ziro. Chotuluka chili 1 kuyambira 0 mpaka 1. Ichedwetseni ndi masekondi 4, ikhale pakati pa 4 ndi 6. Chotuluka chikugwera pakati pa 2 ndi 3, pomwe chikanayenera kukhala pakati pa 4 ndi 5. Tachedwetsa ndi 4, icho chasuntha ndi 2 yekha. Ine njira yojambulayi ndimaikonda kwambiri, chifukwa chitsanzo chimodzi chotsutsa n'chokwanira kugwetsa lamulo. Koma kuti mutsimikize kuti lamulo likugwira, chitsanzo chimodzi sichikwanira: pamafunika x ndi T aliyense.

Chithunzi chomwecho chayankha kale gawo lomaliza. Chotuluka chayamba pa t = 2, siginolo isanafike n'komwe, poti ikulowa pa t = 4. Mwa ikweshoni, y(1) = x(2): pa sekondi yoyamba sisitemu ikufuna za pa sekondi yachiwiri. Wina analemba kuti y(−1) = x(−2) ndi zam'mbuyo, ndipo sanalakwe, koma lamuloli liyenera kugwira pa t aliyense. Si kozo. Nchifukwa chake foni imathamangitsa kawiri uthenga wa mawu wojambulidwa kale, koma singachite zimenezo munthu akulankhula pompano.