Chigwada chimadyedwa, koma osati chosapsa

NaPhiri: Asisi, kasitomala uja watenga mipukutu iwiri ya chigwada uja mwamumva? Akuti akukachigaya pa makina amwe ngati juwisi, akuti ndiwo zamasamba zikaphikidwa mavitamini amathawa.

NaBanda: Mayo ine! Ndiye mwamusiya apite?

NaPhiri: Nanga ndikanatani, si masamba ngati ena onse? Kabichi anthu amadya wamuwisi bwinobwino.

NaBanda: Ayi asisi, kabichi ndi zina. Chigwada chachiwisi chili ndi poizoni, amati sayanaidi, ndipo m'masambamu ndi wambiri kuposa m'chinangwa chenichenicho. Tsamba likakhala lathunthu poizoniyo amakhala ngati wagona, koma mukangolitafuna kapena kulisinja m'pamene amatuluka, ndiye munthu ukameza chosaphika ndiye kuti akatulukira m'mimba mwako.

NaPhiri: Koma changachi n'cha chinangwa chozuna, si chowawa chija.

NaBanda: Kuzunako n'kwa pansi, masamba ake poizoni alimo ndithu, musamayese kuti poti chinangwa chake anthu amakazinga ndiye masambanso ali bho.

NaPhiri: Nde ngati zili choncho bwanji tikugulitsa? Si bola kungosiya?

NaBanda: Kusiya ayi, chigwada ndi ndiwo yabwino kwabasi, muli mapuloteni ambiri kuposa masamba ambiri amene tayala panowa, ayironi alimo, vitamini A alimo. Nkhani ndi kakonzedwe basi. Mumathyola nsonga zanthete, kuchotsa timitengo, kusinja mu mtondo mpaka chisalale osaonekanso tsamba, kusinjako sikuti n'kofewetsa chabe, n'kumene kumamasula poizoni uja. Kenako kuwiritsa m'madzi okwanira mphika uli wosavundikira kuti azituluka ndi nthunzi. Ine ndimachisiya chibwate pafupifupi ola lathunthu, mpaka kafungo kakakali kaja kathe ndipo mtundu wobiriwira kwambiri uja uzilale.

NaPhiri: Eee ola lonse, makala ake?

NaBanda: Makala mugulanso, nanga mwana? Ana ndi amene amayamba kugwa poti thupi n'laling'ono. Zimayamba ndi mutu, chizungulire, kusanza, m'mimba kupota, zikakula munthu amabanika kupuma mpaka kufa kumene, ndiye mukaona zoterozo atadya chigwada musadikire kuti zisiya zokha, thamangirani kuchipatala. Kulinso matenda amati konzo, miyendo imauma munthu osayendanso bwino moyo wake wonse, amagwira anthu odya chinangwa chowawa chosakonza bwino masiku ambiri alibe chakudya china chomanga thupi.

NaPhiri: Koma mbuzi zimadya chachiwisi bwanji?

NaBanda: Nazonso zikadya chambiri chongothyola kumene zimatha kufa, n'chifukwa oweta amayamba achiyanika chifote.

NaPhiri: Iii ndachita mantha tsopano. Anati akukagula tomato kumusi uku, ndionereni benchi langa ndimuthamangire.

NaBanda: Pitani msanga, mumuuzenso zosavundikira mphikazo!