Kalata ya Komiti ya Mpingo wa ku Limbuli kwa Bambo Bishopu

Komiti ya Akhristu,
Mpingo wa ku Limbuli,
Mfumu Yaikulu Njema,
Mulanje.

9 Julaye 2025

Kwa Bambo Bishopu,
Likulu la Mpingo,
Blantyre.

Bambo athu okondedwa mwa Ambuye,

PEMPHO LOTI MUGANIZIRE ZOWAPATSA ABUSA MATEWERE MALO ENA A UTUMIKI

Tikupereka moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Tikhulupirira kuti inu, Amayi kunyumba ndi onse ogwira ntchito ku likulu muli bwino. Kuno tili bwino, kungoti chiperoni chatipanikiza sabata yonseyi, ndipo chifuwa chavuta pakati pa ana ndi okalamba.

Ife a komiti tinakumana Lamulungu pa 29 Juni 2025 mapemphero atatha, ndipo tinagwirizana zokulemberani kalatayi. Sinali nkhani yopepuka. Tinakhala pansi kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndipo ena mwa ife analankhula misozi ili m'maso. Pempho lathu ndi ili: ngati kukukomerani, ndipo ngati Mulungu akutsogolerani chomwecho, muwapezere Abusa Matewere mpingo wina woti akatumikire, ndipo ife mutitumizire abusa ena.

Tisanafotokoze zifukwa, tinene poyera kuti kalatayi si yodandaula. Abusa sanatilakwire. Palibe mlandu wa ndalama, palibe mlandu wa khalidwe, palibenso chiphunzitso chachilendo chimene anatiphunzitsa. Mabuku a chuma cha mpingo ali m'manja mwa msungichuma ndipo aliyense amene mungamutume akhoza kuwaona tsiku lililonse. Wina akadzakuuzani kuti a ku Limbuli athamangitsa abusa awo, chonde mudzamuonetse ndime ino.

Abusa anafika kuno m'chaka cha 2014 ndi Mayi Busa ndi ana atatu. Anatipeza tikupemphera m'kachisi wofolera udzu, akhristu osakwana zana. Lero m'kaundula muli mayina oposa mazana anayi, ndipo tili ndi nthambi zitatu: ya kumtunda m'mphepete mwa phiri, ya m'malayini a ogwira ntchito ku tiyi, ndi ya kufupi ndi malire, kumene kumabweranso abale athu a ku Milange. Abusa si Mlomwe, koma anadzichepetsa n'kuphunzira Chilomwe kwa agogo a kuno, mpaka kumatha kupemphera nawo m'chinenero chawo akadwala. Kalongonda amene poyamba ankamuopa anafika pomufunsa okha akalowa pakhomo pa mkhristu.

Chimene sitidzaiwala ndi cha mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Mvula itagwa masiku otsatizana, madzi ndi miyala zikutsika m'phiri, khoma la kachisi wathu linagwa ndipo mabanja ambiri anatsala opanda pogona. Abusa anatsekula nyumba yawo. Amayi ndi ana anagona pabalaza ndi m'chipinda cha ana awo, iwo eni n'kumagona pakhonde ndi abambo ena. Thumba la ufa limene linali la banja lawo linatha masiku atatu. Tinawaona akuwoloka madzi ofika m'chiuno, Baibulo atalikulunga m'pepala lapulasitiki n'kulisenza pamutu, kupita kukaika maliro a mwana ku nthambi ya kumtunda, pamene ife tinkawaletsa. Munthu wotereyu sitingamunenere choipa.

Nanga bwanji tikupempha kuti asamuke? Zifukwa zilipo ziwiri, ndipo chachikulu chikuchokera kwa ife eni ake.

Chigwereni kachisi uja, mpingo sunagwirizane za malo omangapo watsopano. Ena akuti timange pomwe panali wakale, chifukwa ndi pamene makolo anayambira mpingo, ndipo ndi pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Muloza. Ena akuti malowo ndi otsika, madzi anadutsapo kale ndipo adzadutsaponso, choncho tisamukire pamalo okwera amene banja lina linapereka. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Koma zaka ziwiri zadutsa tikupempherabe pansi pa malata oimika pamitengo, njerwa zimene tinaumba ndi kuwotcha zayamba kumera ndere, ndipo nkhani ya malo yasanduka nkhani ya mabanja. Anthu amene ankakhala benchi imodzi tsopano amakhala motalikirana. Kwaya ya amayi inagawikana, moti pa Pasaka wapitayu panaimba magulu awiri. Izi tikuzinena ndi manyazi, pakuti ena mwa ife a komiti tili m'kati mwa mkanganowu.

Abusa ayesetsa. Aitanitsa misonkhano, asala kudya nafe, ayenda khomo ndi khomo. Vuto ndi loti atatha zaka khumi ndi chimodzi pakati pathu, salinso mlendo kwa aliyense. Anadalitsa maukwati athu, anabatiza ana athu, mwana wawo wamkazi anakwatiwa m'mudzi momwe muno. Tsono akalankhula mawu amodzi, a mbali ina amati akukondera apongozi awo. Akakhala chete, enawo amati akuopa. Akapita kukaona wodwala kubanja lakuti, mawa lake pamsika pamveka kuti abusa ali mbali yakuti. Ngakhale ulaliki wa chikhululukiro anthu amaumva ngati ukulasa munthu. Cholakwa si chawo. Makutu athu ndiwo afika poti samvanso mawu awo monga ankamvera kale, ndipo zikutipweteka kuona mtumiki wa Mulungu akuonda ndi mlandu umene sanauyambe. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tikuganiza kuti munthu wobwera kumene, wopanda chibale ndi mbali iliyonse, akhoza kunena mawu omwewo amene Abusa Matewere akhala akunena, ndipo anthu n'kuwalandira.

Chifukwa chachiwiri ndi thanzi. Izi tikuzilemba Abusa atatiloleza. Bondo lawo lakumanja lakhala likuwavuta kuyambira chaka cha namondwe chija, ndipo njira ya ku nthambi ya kumtunda ndi yokwera, yamiyala, yoterera nthawi ya dzinja. Njinga yamoto imafika theka la njira, kwinako ndi wapansi. Mwezi wa Febuluwale anyamata awiri anachita kuwagwira m'mapewa potsika, koma Lamulungu lotsatira anapitanso, chifukwa sadziwa kukana. Mayi Busa nawonso amayenera kukaonana ndi madokotala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mwezi ndi mwezi. Ulendowo umayamba m'bandakucha, kudutsa pa Chitakale mpaka ku Limbe, ndipo amabwerako usiku atatopa kwambiri. Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi wakhala ukukwera, ndipo zimene timawapatsa sizikwanira. Ambiri mwa akhristu athu ndi othyola tiyi ndi alimi a nanazi, nandolo ndi chinangwa. Miyezi ino ya chisanu tiyi akachepa ambiri amaimitsidwa ntchito, ndipo chopereka chimatsika nacho. Mpingo wa kufupi ndi tauni, kumene kuli malo athyathyathya ndi chipatala pafupi, ungawapatse mpata wotumikira zaka zina zambiri ali ndi mphamvu.

Sitinachite izi mobisa. Lachinayi pa 3 Julaye, wapampando, mlembi ndi mtsogoleri wa amayi anapita kunyumba ya abusa n'kuwawerengera zonse zimene zili m'kalata muno. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu. Atakhala chete kanthawi anati iwo ndi wantchito, apita kumene atumidwa ndipo akhala kumene auzidwa kukhala, kenaka anatipempherera. Sanatipemphe kuti tilembe kalatayi, ndipo sanatiletse.

Tikudziwitseninso kuti si onse a komiti amene anavomera. Mwa anthu khumi ndi awiri, asanu ndi anayi anagwirizana ndi pempholi, awiri anakana, mmodzi sanafune kuonetsa mbali. Amene anakanawo akuti vuto ndi lathu, ndiye tikonze mitima yathu m'malo mosuntha abusa, ndipo akuopa kuti amene adzabwere adzagwa m'dzenje lomwelo. Mawu awo ndi olemera, ndipo atipempha kuti tiwalembe kuti inunso muwamve. Akhristu a ku nthambi ya kumtunda nawonso adzamva chisoni kwambiri, pakuti Abusa ndiwo anayambitsa nthambiyo pansi pa mtengo wa mango.

Ngati pempho lathu mungalivomere, tili ndi zinthu zingapo zoti muziganizire. Mwana wawo womaliza akulowa Fomu 3, choncho zikanakhala bwino kusamukako kukanachitika sukulu zisanatsekulire mu Sepitembala, kapena mvula isanayambe, kuti banja lisavutike ndi katundu m'matope ndiponso lipeze polima kumene likupita. Chinangwa chimene anadzala kumunda wa mpingo ndi chawo. Tidzachisamalira ndipo chikakhwima tidzawatumizira. Tili nawo ngongole ya thandizo lawo la miyezi iwiri, Meyi ndi Juni, ndipo talonjezana kuti tiimaliza asanachoke, pamodzi ndi ndalama ya galimoto yonyamula katundu. Tikupemphanso kuti mutipatse nthawi yokonza mwambo wotsanzikana nawo mwaulemu, ndipo kukanakhala kotheka mukanabwera nokha kudzalengeza nkhaniyi kumpingo. Ikachokera pakamwa panu, palibe amene adzanene kuti mbali ina yapambana, ndipo dzina la Abusa lidzatuluka muno loyera monga linalowera.

Za amene angabwere m'malo mwawo sititchula dzina, pakuti imeneyo ndi ntchito yanu. Tingonena kuti malo ano amafuna munthu wa miyendo yolimba, woleza mtima, wokonzeka kumva Chilomwe ngakhale asakuchilankhula. Ife tikulonjeza kuti nkhani ya malo a kachisi tidzaiika m'manja mwa inu ndi abusa atsopanowo, ndipo chimene mudzagamule tidzachitsata, kaya ndi kumtunda kaya ndi kumunsi. Onse khumi ndi awiri, kuphatikizapo amene anakana pempholi, asayina lonjezo limeneli m'buku la komiti.

Mukaona kuti nthawi yosamutsa Abusa sinakwane, tidzalandira ndi mtima umodzi ndipo tidzapitiriza kugwira nawo ntchito. Pamenepo tingopempha kuti mutitumizire akuluakulu ochokera ku likulu adzakhale nafe masiku angapo, atithandize kuyanjana. Tili okonzeka kubwera ku Blantyre tsiku lililonse limene mungatiitane kuti tidzafotokoze pamaso.

Mulungu akupatseni nzeru ndi moyo wautali pa udindo umene anakusenzetsani.

Ife ana anu mwa Ambuye, m'malo mwa komiti yonse,

Bambo J. Makawa, Wapampando
Bambo L. Muhoko, Mlembi
Mayi E. Likoswe, Msungichuma
Mayi R. Nasiyaya, Mtsogoleri wa Amayi

Kalata yofanana ndi iyi taipereka kwa Abusa Matewere, ndipo ina taisunga m'buku la komiti.