Mizere iwiri

Kalendala yoyamba Layisoni anaigula ku Limbe mu Epulo 1972, kutatsala tsiku limodzi kuti akwere pa Chileka ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Inali ya pepala lopyapyala, ya chithunzi cha phiri la Mulanje pamwamba. Mlamu wake Witinesi anamuseka.

"Alamu, phiri lomwe talisiya dzuloli mukuligulanso ndi ndalama?"

"Ndagula masiku ine. Phirili angondiikirapo basera."

Pangano linali la zaka ziwiri. Layisoni, yemwe sukulu analekezera Sitandade 4, anawerengera pa chikhatho ndi pensulo n'kupeza masiku 730. Witinesi sankadziwa kuwerenga, koma atamva nambalayo anati zii kuchokera pa Chileka mpaka ku Francistown, kumene anatsika ndege n'kukwera sitima ya ku Joni.

Onse awiri anachoka m'dera limodzi, cha ku Chonde. Layisoni anali mkamwini pamudzi pa akina Witinesi, ndipo munda umene anamuloza unali woti ukaima pakati n'kulavula, malovu amagwera m'munda wa eni. Kwina konseko ndi tiyi. Anathyolako tiyi dzinja ziwiri, dengu kumsana, mvula ikumulowa m'khosi, koma akachotsa ya msonkho ndi ya mchere m'thumba munkatsala mphepo. Tsiku lina Enelesi, mkazi wake, anaona mnzake akuyanika bulangete la ku Joni, lamizeremizere, n'kuliyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Sabata yotsatira Layisoni anakalembetsa.

Kukomboni anaikhoma kalendalayo pamwamba pa bedi lake la simenti. Usiku woyamba anajambula mzere umodzi pa tsikulo, kenako anapatsa Witinesi pensulo.

"Inu dulani apa. Tsiku si langa ndekha."

Witinesi anagwira pensulo ngati akugwira mpini wa khasu, n'kudula mzere wopingasa mpaka kuboola pepala. Unakhala mwambo wawo. Akatuluka mumgodi, n'kusamba, n'kudya phala louma lija eni ake amalitcha papa, Layisoni ankajambula wake, Witinesi wake. Tsiku losadulidwa kawiri silinkatengedwa kuti latha.

Ntchito yawo inali yamalayisha, kukokolola miyala ndi fosholo atawerama, m'malo otentha moti thukuta linkadzaza m'jombo. Kheji yowatsitsira mumgodi ikamatsika m'bandakucha makutu ankatseka. Anaphunzira Chifanakalo chongokwanira kumva malamulo ndi zotukwana. Lamulungu anzawo akamapita kumowa, iwo ankakhala pabedi, Layisoni akulemba makalata awiri: yake, ndi ya Witinesi yopita kwa amayi ake. Witinesi ankanena mawu omwewo mwezi uliwonse, kuti ali bwino, kuti nkhuku zisagulitsidwe, kuti amusungire kalongonda.

Kumudzi nako kunali kuwerenga. Enelesi analemba kuti tsiku lililonse amaponya njere ya nandolo m'botolo, ndipo Esinati, yemwe bambo ake anamusiya akukwawa, tsopano ndiye amalimbirana kuponya. Mwanayo anamezako ziwiri. "Mukachedwa masiku awiri musadabwe," anatero m'kalatamo, "ali m'mimba mwa mwana wanu."

Kalendala ya 1973 anapatsidwa ndi mwini sitolo. Inalibe phiri, inali ndi mzungu wamkazi atanyamula sopo. Witinesi anang'amba phiri pa yakale ija n'kulimata pankhope ya mayiyo ndi phala.

Mu Okutobala chaka chomwecho mwala unathothoka kudenga n'kuphwanya zala ziwiri za phazi la Layisoni. Anagona m'chipatala cha pamgodi masiku 12. Atabwerera kukomboni, akutsimphina, anapeza masiku onsewo atadulidwa kawirikawiri, mizere yonse yokhota, mapepala obooka.

"Ndinakudulirani, alamu. Ndimangotsata kabokosi kotsatira."

Layisoni anaseka mpaka bala linamuwawa. Kuseka kunatha mu Malichi 1974, ataitanidwa ku ofesi. Kalaliki, mabalane monga ankamutchulira, anatsegula buku lake n'kuyendetsa chala. Witinesi anali wotuluka pa mapeto a mwezi. Layisoni ayi.

"Masiku akuchipatala sunalowe pansi. Ubweze."

"Koma ndinavulalira pantchito."

"Buku silidziwa zimenezo."

Anatulutsa makalendala ake m'thumba, kuwayala patebulo, kuloza tsiku ndi tsiku. Kalalikiyo anangoyang'ana mayi wa sopo wovala phiri kumutu, n'kuitana wotsatira.

Witinesi anati adikira. Layisoni anakana, poti munthu sakana ndege. Anamusenzetsa bulangete lamizeremizere la Enelesi ndi nsapato zofiira za Esinati, zomwe anayeza ndi ulusi umene unabwera m'kalata. Wailesi anati abwera nayo yekha, chifukwa alamu akewo akanamaliza mabatire panjira.

"Mukawauze kuti aponyebe nandolo masiku 12."

"Botolo lidzadza, alamu."

"Apeze lina."

Usiku umenewo Layisoni anajambula mzere wake n'kutembenuka ndi pensulo m'manja. Pabedi linalo panali kale munthu wachilendo, wa ku Mozambiki, atafunda mutu. Anausiya mzere uli umodzi.

Lachinayi pa 4 Epulo ndege yonyamula anthu a Wenela obwerera kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown. Amalawi 74 anafera pomwepo. Kukomboni nkhaniyi inafika ngati mphekesera, kenako pawailesi, kenako nduna ya kukomboni inabwera ndi pepala n'kuyamba kutchula maina. Layisoni anamva dzinalo litatchulidwa molakwika, Chizulu chitalowamo, ndipo kwa kanthawi anadziuza kuti ndi munthu wina.

M'mawa mwake analowabe mumgodi. Masiku otsalawo anawamaliza onse. Kwawo Kamuzu anali ataletsa kale kulemba anthu a Wenela, koma zimenezo sizinachotse ngakhale shifiti imodzi m'buku la kalaliki.

Anatsika basi pa Chonde madzulo, chiperoni chitakuta phiri lonse. Anayenda ndi sutikesi pamutu, wailesi m'khwapa. Enelesi atamuona anakhala pansi pabwalo pomwepo n'kuyamba kulira, ndipo sankadziwika ngati akulirira wabwerayu kapena winayo. Kwa masiku atatu, dzina lisanafike, iye ankakhulupirira kuti amuna ake ndi mchimwene wake anali m'ndege imodzi, poti botolo linali litakwana. Esinati anabisala kuseri kwa nkhokwe. Analibe nsapato.

Apongozi ake anawapeza m'mawa atakhala pakhonde, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wa pachipongozi. Layisoni ananjuta patali. Analibe chowapatsa chochokera kwa mwana wawo, ngakhale batani la malaya. Anatuma Enelesi kuti awapatsire makalendala atatu aja.

"Mayi, mzere wowongokawo ndi wanga. Wokhotawo ndi wa alamu. Dzanja lawo ndi limenelo."

Mayiwo anatsegula tsamba ndi tsamba, akusisita mabowo a pensulo ndi chala chachikulu. Anatenga nthawi, moti nkhuku zinafika mpaka pamiyendo pawo. Atafika pa Epulo anaima.

"Nanga apa bwanji mwangolemba umodziumodzi, bambo a Esinati?"

"Anali atanyamuka, mayi."

Anawerenga mizereyo ndi milomo, osatulutsa mawu. Kenako anauza Enelesi kuti akafunse ngati amuna akewo pensuloyo anabwera nayo.