Kalata yopempha ndalama za naiti ndi ovataimu za Novembala ndi Disembala 2024

Wodi ya Amayi Oyembekezera
10 Febuluwale 2025

Kwa Mkulu Woyendetsa Chipatala,
Kudzera kwa a Metironi.

Bwana,

NDALAMA ZA NAITI NDI OVATAIMU ZOMWE SINDINALANDIRE

Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito pa chipatala chino zaka zisanu ndi chimodzi, zinayi mwa izo mu wodi ya amayi oyembekezera. Ndikulemba kalatayi kupempha kuti ndipatsidwe alawansi yanga ya ntchito ya usiku pamodzi ndi ndalama za maola owonjezera omwe ndinagwira mu Novembala ndi Disembala 2024. Nkhaniyi ndayiyendera pakamwa kawiri konse koma sizinathandize, n'chifukwa chake ndaganiza zoilemba.

Ndiyambe ndi za usiku. Monga mukudziwa, shifiti ya naiti kuno imayamba 5 koloko madzulo ndi kutha 7 koloko m'mawa, omwe ndi maola 14. Masiku omwe ndinali pa naiti ndi awa:

Lolemba pa 4 Novembala mpaka Lamulungu pa 10 Novembala: mausiku 7, maola 98.
Lolemba pa 25 Novembala mpaka Lachitatu pa 27 Novembala: mausiku 3, maola 42.
Lolemba pa 16 Disembala mpaka Lamulungu pa 22 Disembala: mausiku 7, maola 98.

Onse pamodzi ndi mausiku 17, maola 238. Mausiku atatu a kumapeto kwa Novembala aja sanali anga pa rosita. Ndinalowa m'malo mwa mnzanga yemwe anadwala mwadzidzidzi, nditapemphedwa ndi oyang'anira wodi. Chodabwitsa n'chakuti mausiku atatu amenewo ndiwo okha omwe anaoneka pa malipiro anga a Januwale. Ndikunena izi poyera kuti pasakhale kuganiza kuti ndikufuna kulandira kawiri. Zotsala ndi mausiku 14, maola 196.

Za ovataimu ndizifotokoza motalikirapo, chifukwa ndi pamene ndinauzidwa kuti "palibe umboni".

M'mawa wa Lachisanu pa 8 Novembala ndinayenera kuweruka 7 koloko, koma wondilandira sanabwere. Mu wodi munali amayi awiri omwe matenda anali atayamba kale, wina akuyandikira kuchira. Mzamba sangatseke buku ndi kunyamula chikwama pa nthawi ngati imeneyo. Ndinakhala mpaka 11 koloko pamene anapezeka wina woti ndimusiyire odwala. Amenewo ndi maola 4. Madzulo ake 5 koloko ndinali nditabwereranso pa naiti.

Lachiwiri pa 19 Novembala ndinali wa masana, woweruka 5 koloko. Chakumadzulo mayi wina anayamba kutaya magazi ambiri atangochira. Tinamupatsa mankhwala, tinamuika diripi, koma adokotala anaona kuti ndi wofunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Ndine ndinamuperekeza mu ambulansi, ndipo tinabwerako 10 koloko usiku. Maola 5. Nthawi yonyamuka ndi yobwerera inalembedwa m'buku la ambulansi, komanso dzina langa lili pa kalata yotumizira wodwalayo.

Lachitatu pa 11 Disembala ndinapitirira kuyambira 5 koloko mpaka 8:30 usiku, maola atatu ndi theka, kuthandizira ku fiyeta pa opaleshoni ya mayi wina. Lachisanu pa 20 Disembala, nditachoka pa naiti, ndinakhalabe mpaka 9:30 m'mawa kudikira wondilandira, maola awiri ndi theka. Masiku anayi amenewa akupereka maola 15 owonjezera pa masiku omwe ndinali kale pa ntchito.

Kupatula apo, ndinaitanidwa kawiri pa masiku anga opuma. Loweruka pa 7 Disembala ndinagwira kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, maola 10. Lachitatu pa 25 Disembala, tsiku la Khirisimasi, chimodzimodzinso, maola 10, ngakhale kuti ndinali ndisanamalize masiku opuma a pambuyo pa naiti yomwe inatha m'mawa wa pa 23. Amenewa ndi maola 20. Ovataimu yonse ikukwana maola 35. Ndawasiyanitsa dala magulu awiriwa chifukwa mgwirizano wanga wa ntchito umati ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka, pomwe ola la pa tsiku lopuma kapena la tchuthi limalipidwa ngati maola awiri.

Mafomu ndinadzaza m'nthawi yake. A Novembala ndinapereka pa 2 Disembala, a Disembala pa 3 Januwale, onse atasainidwa ndi oyang'anira wodi komanso a Metironi. Pa 14 Januwale ndinapita ku ofesi ya za ndalama kukafunsa, ndipo anandiuza kuti ndidikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Ndinadikira. Nditabwererako pa 4 Febuluwale anandiuza kuti mafomu anga sakuoneka. Apa ndiye pamene sindikumvetsa, Bwana. Mausiku atatu omwe analipidwa aja anali pa fomu imodzimodzi ndi mausiku 7 a pa 4 mpaka 10 Novembala, mzere wina pamwamba, wina pansi. Ngati fomuyo inasowa, atatuwo anawatenga kuti?

Tsiku lomwelo anandiuzanso kuti ngati ndikufuna, ndingotenga masiku opuma m'malo mwa ndalama. Sindikukana kupuma, thupi likufunadi. Koma aliyense amene waona rosita ya wodi yathu akudziwa kuti masiku amenewo palibe. Ifetu ndife azamba ochepa moti mmodzi akangodwala, wina amaitanidwa ali kunyumba, ndipo umo ndi momwe maola ndikupemphawa anabwerera. Ndikatenga masiku opuma, mnzanga ndiye agwire ovataimu, kenaka nayenso adzalemba kalata ngati ino. Komanso kusinthanitsa kumeneku sikukhudza alawansi ya naiti, yomwe ndi ya payokha.

Pamodzi ndi kalatayi ndaphatikiza makope a mafomu onse awiri, omwe ndinajambula ndisanawapereke, rosita ya Novembala ndi Disembala, ndi mapepala anga a malipiro a Novembala, Disembala ndi Januwale. Maola onse ndatchulawa mukhoza kuwatsimikiza m'buku losainira polowa ndi poweruka, m'buku la malipoti a usiku, ndi m'kaundula wa amayi ochira, momwe muli siginecha yanga ndi nthawi yake pa mwana aliyense amene ndinamulandira. Mabuku amenewa sindinawajambule chifukwa muli mayina a odwala, koma ali mu wodi ndipo oyang'anira wodi avomera kuwaonetsa kwa aliyense amene mungamutume.

Pempho langa ndi lakuti alawansi ya mausiku 14 ndi ndalama za maola 35 a ovataimu zilowe pa malipiro a mwezi uno wa Febuluwale. Ngati pali tsiku kapena ola lomwe ofesi yanu ikulikayikira, ndiuzeni kuti ndi liti, tikhale pansi ndi mabuku tione limodzi. Ngati ndalamazi sizingatheke mwezi uno, ndipempha yankho lolembedwa pasanafike pa 24 Febuluwale, lonena chifukwa chake ndi tsiku lomwe ndidzalandire.

Sabata ino ndili wa masana. Ndiyambanso naiti Lolemba pa 17 Febuluwale, choncho mukandifuna sabata imeneyo mundipeze m'mawa ndisanachoke mu wodi.

Ine wanu pa ntchito,

Namwino ndi mzamba,
Wodi ya Amayi Oyembekezera.

Kope: Oyang'anira wodi, Ofesi ya za ndalama.